Khadi kapena Foni: Kusiyana Kwake Polipira Mogunditsa pa Makina

Anthu ambiri amaganiza kuti kulipira pogunditsa foni ndi luso lina, kulipira pogunditsa khadi n'kukhalanso luso lina, koma kwa makina olipirira a m'sitolo zinthu ziwirizi n'zofanana, chifukwa foni imadzionetsa ngati khadi. Zonse zimagwiritsa ntchito NFC, njira yotumizirana uthenga pafupi kwambiri, imene imayenda pa mamegahetsi 13.56 ndipo polipira imagwira bwino pamtunda wosapitirira masentimita 4. Kusiyana kwenikweni kuli pa nambala imene imaperekedwa, pa njira yotsimikizira kuti wolipirayo ndi mwini wake, komanso pa gwero la mphamvu.

Mkati mwa khadi mulibe batire. Muli katchipu kakang'ono ndi waya wopyapyala amene anamuzunguliza kangapo m'kati mwa pulasitikiyo. Makina akamadikira malipiro amatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo khadi likalowa m'derali wayayo amatola mphamvu yokwanira kudzutsa tchipu. Poyankha, khadi silitumiza mafunde akeake, koma limasinthasintha kuchuluka kwa mphamvu imene likukoka, ndipo makina amamva kusinthako monga msodzi amamvera nsomba ikugwedeza chingwe. Uthenga umayenda pa liwiro la makilobiti 106 pa sekondi, lomwe ndi lochepa, koma chifukwa zotumizidwazo n'zochepanso, kukambirana konse kumatha pa theka la sekondi kapena kucheperapo.

Tiyerekezere kuti mayi wina akugula nsapato ndi khadi lothera pa manambala 4417. Makina amayamba ndi kufunsa mndandanda wa njira zolipirira zimene khadilo lili nazo, poitana dzina lakuti `2PAY.SYS.DDF01`, ndipo khadi limayankha kuti lili ndi ya Visa kapena ya Mastercard. Kenaka makina amalipatsa mtengo, tsiku, mtundu wa ndalama ndi nambala yongopeka pa nthawi yomweyo. Tchipu chimaphatikiza zimenezi ndi nambala yake yowerengera malipiro, tinene kuti 312, n'kuzisakaniza pogwiritsa ntchito kiyi, yomwe ndi nambala yachinsinsi imene siituluka m'tchipumo, ndipo chotsatira chake ndi chidindo cha malipiro amenewo okha. Chidindochi chimapita ku banki limodzi ndi nambala ya khadi ndi tsiku lake lothera. Banki imawerengetsera yokha chidindo chimene ikuyembekezera, ndipo ziwirizo zikafanana komanso ndalama zikapezeka, imavomereza. Malipiro otsatira adzakhala a nambala 313, choncho wakuba amene wajambula uthenga wonsewu sangaubwereze n'kugula nawo china pa makina.

Chofooka cha khadi chili pamenepa: nambala yake yeniyeni ndi tsiku lothera zimaperekedwa osabisa. Manambala atatu a kuseri kwa khadi saperekedwa, zimene zimachepetsa ngozi, komabe nambala yabedwayo ikhoza kugwira ntchito kwa amalonda a pa intaneti amene safunsa manambala atatuwo.

Mayi yemweyo akalipira ndi foni, masitepe onse aja amachitika chimodzimodzi, kupatulapo kuti nambala yothera pa 4417 siituluka. Pa nthawi imene ankalembetsa khadi m'foni, kampani ya makhadi, monga Visa kapena Mastercard, inapereka nambala ina yoimirira, yotchedwa tokeni, tinene kuti yothera pa 9052, imene inamangiriridwa ku foni imeneyo. Makina a m'sitolo amaona tokeniyo, ndipo kampani ya makhadi ndiyo imaisandutsa nambala yeniyeni isanafike ku banki. Ngati makompyuta a sitoloyo athyoledwa, akuba amapeza nambala imene singagwire ntchito popanda chidindo chochokera m'foniyo. Foni ikatayika, tokeni yokhayo imafufutidwa ndipo khadi limapitiriza kugwira ntchito.

Tokeni ili ndi vuto lake laling'ono limene limasokoneza anthu pa kauntala. Mayi uja akabwera kudzabweza nsapato, lisiti lake lidzaonetsa 9052 pamene khadi limene lili m'manja mwake likuonetsa 4417, ndipo wogulitsa wosadziwa angakane kuti si khadi lomwelo. Chofunika n'kutsegula pulogalamu yolipirira m'foni, n'kuonetsa manambala anayi omalizira a tokeniyo, kapena kugunditsa foni yomweyo pobwezeredwa ndalama.

Pa nkhani yotsimikizira mwini wake, foni ili patsogolo kwambiri. Khadi silidziwa amene waligwira, choncho aliyense wolitola angalipire nalo mpaka pa malire amene banki kapena malamulo a dziko anaika, ndipo pini imafunsidwa pokhapokha mtengo ukadutsa malirewo kapena malipiro opanda pini akachulukana. Foni nthawi zambiri imafuna chala, nkhope kapena nambala yotsegulira isanalipire, n'kuuza makina kuti mwini wake watsimikizidwa kale, n'chifukwa chake m'masitolo ambiri imaloledwa kulipira ndalama zoposa malire a khadi. Chitetezo chimenechi chimangolimba molingana ndi nambala yotsegulirayo, ndipo wakuba amene anaisuzumira asanalande foni amakhala kuti watenga zonse.

Mafoni nawonso sali ofanana onse. Apple Pay, njira yolipirira ya pa iPhone imene inayamba mu 2014, imasunga tokeni ndi kiyi m'tchipu chapadera chotetezedwa. Pa mafoni a Android, kuyambira ndi mtundu wa 4.4 wa mu 2013, pulogalamu wamba inaloledwa kudzionetsa ngati khadi, ndipo pulogalamu yolipirira ya Google Wallet imadalira makiyi ogwira ntchito kochepa amene imatenga pa intaneti nthawi ndi nthawi. Mafoni onsewa amalipira popanda netiweki pa nthawi yogunditsayo, popeza makina a m'sitolo ndiwo amalankhula ndi banki, koma foni ya Android ikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa makiyi aja amatha ndipo malipiro amayamba kukanidwa.

Pa kudalirika, khadi ndilo limapambana, chifukwa batire la foni likatha malipiro wamba amathera pomwepo. Zolakwika zina zimadziwika ndi zimene makina akuchita. Ngati makina sakulira n'komwe, vuto lili pa kulumikizana: mwina NFC inazimitsidwa, mwina chikuto cha foni chili ndi chitsulo kapena n'chochindikala, mwina waya wa m'khadi anaduka chifukwa chopindika, ndipo chizindikiro chake n'chakuti khadilo limagwirabe ntchito likalowetsedwa m'makina. Malo ogunditsa nawonso ndi ofunika, popeza pa iPhone waya wa NFC ali kumtunda, pamene pa mafoni ambiri a Android ali kuseri chapakati. Ngati makina alira n'kupempha kuti muyesenso, mwina munachotsa msanga chidindo chisanatuluke, kapena munagunditsa chikwama chokhala ndi makhadi awiri amene anayankha pamodzi. Koma ngati makina awerenga bwinobwino kenaka n'kulemba kuti malipiro akanidwa, wakana ndi banki, ndipo kugunditsa mobwerezabwereza sikungasinthe kanthu.

Kwa munthu amene banki yake imalola kulembetsa khadi m'foni, ine ndingasankhe foni pa malipiro a tsiku ndi tsiku, makamaka m'malo amene sindikuwadziwa, ndipo khadi ndingaliyendere nalo padera, osati m'chikuto cha foniyo, kuti ziwirizi zisasokonezane pa makina komanso zisatayikire limodzi.