Katundu akabwezedwa: kukonza invoisi, kutulutsa ndalama m'kabati, kapena kirediti noti?

Ndimasunga mabuku a mashopu angapo ang'onoang'ono kuno ku Lilongwe, ndipo pa nkhani ya katundu wobwezedwa ndaona njira zitatu zikugwiritsidwa ntchito. Ndizifananiza pa nkhani imodzi ya m'shopu ina ya zipangizo zomangira chakumsewu wa Malangalanga.

Kumapeto kwa Marichi, kontilakita wina womanga ku Area 25 anatenga zidebe 20 za penti pa K60,000 chidebe chimodzi, VAT isanaikidwe. Zonse zinali K1,200,000, VAT ya 16.5 peresenti, yomwe inalipo nthawiyo, inali K198,000, ndiye invoisi inakwana K1,398,000. Analipira K1,000,000, n'kutsala ndi ngongole ya K398,000. Kumapeto kwa Epulo anabwera ndi zidebe zisanu. Zitatu zinali zosatsegula, mtundu wake ndi umene sanaufune eni nyumba. Ziwiri zinali zong'aluka pansi, penti ikudontha. Shopu inagula chidebe chilichonse pa K45,000.

Njira yomwe ambiri amathamangira ndi kutsegula invoisi yakale ija pa kompyuta n'kusintha 20 kukhala 15. Ndi yachangu, ndipo kunena chilungamo, manambala amatuluka bwino: ngongole ya kasitomala imatsika, sitoko imakwera ndi zisanu. Vuto lake ndi lakuti mwasintha mwezi umene munautseka kale. VAT ya Marichi imakhala itaperekedwa ku MRA pofika pa 25 Epulo, ndipo kumeneko malonda aja analembedwa K1,200,000. Kompyuta yanu tsopano ikunena K900,000. Kontilakita naye ali ndi pepala la zidebe 20 la nambala yomweyo, mwinanso anaitanitsa kale VAT yake pa pepalalo. Invoisi imodzi, mawu awiri. Komanso palibe chimene chatsala chosonyeza kuti katundu anabwerera, liti, ndipo analoleza ndani. Wogulitsa wosakhulupirika amaikonda njirayi pa chifukwa chomwecho. Ine ndimailola pokhapokha ngati invoisi yalakwika pakulemba, isanasindikizidwe, kasitomala ali chiimire pa kauntala.

Njira ina ndi ya m'kabati: kasitomala wabweza katundu, mwamuwerengera ndalama m'manja kapena mwamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, mwalemba m'kope la zowonongera tsikulo kuti "kubweza", zidebe mwaziika pa shelefu. Madzulo ndalama za m'kabati zimagwirizana ndi kope, aliyense n'kupita kwawo mtima uli m'malo. Koma malonda a m'mabuku sanatsike, ndiye VAT ya K49,500 ya zidebe zisanu zija mwaipereka pa katundu amene simunagulitse. Kompyuta sikudziwa kuti zidebe zabwerera, moti tsiku lowerenga sitoko mudzapeza pa shelefu zambiri kuposa za m'mabuku, ndipo katundu amene mabuku sakumudziwa sachedwa kutuluka pakhomo la kuseri. Pa nkhani yathuyi pali choopsa chinanso. Munthuyu anali ndi ngongole. Kumupatsa K349,500 m'manja kukanakhala kumubwezera ndalama zimene sanalipire, ngongole ya K398,000 ili chikhalire.

Apa ndi pamene ndimafuna anzanga mumvetse: kulandira katundu wobwezedwa ndi kubweza ndalama ndi zinthu ziwiri. Njira yachitatu, kirediti noti, chikalata chotsitsa ndalama za pa invoisi yomwe inatuluka kale, imalemba choyambacho. Chachiwiricho chimabwera pambuyo, ndipo nthawi zina sichibwera n'komwe.

Tinalemba kirediti noti ya tsiku limene zidebe zinafika mu Epulo, ya nambala yakeyake, yotchula nambala ya invoisi ya Marichi ndi chifukwa chobwezera. Zidebe zisanu pa K60,000 ndi K300,000, VAT K49,500, pamodzi K349,500. Mtengo uyenera kukhala umene uli pa invoisi, osati wa lero. Penti imakwera mtengo pakangopita masabata ochepa, ndipo mukangosankha katunduyo popanda kuyang'ana, kompyuta imaika mtengo watsopano. Ngati munamuchotsera kangachepe pogula, kirediti noti itsatirenso mtengo wochotsera uja. N'chimodzimodzi ndi VAT: ndi ya pa invoisi yoyambayo.

Titailumikiza ku invoisi, ngongole inatsika kuchoka pa K398,000 kufika pa K48,500. M'kabati simunatuluke ngakhale tambala. Mu QuickBooks Desktop, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira mabuku, chikalatachi chimatchedwa Credit Memo, ndipo mukachisunga imakufunsani chochita: Apply to an invoice, Give a refund, kapena Retain as an available credit. Kwa kontilakita wathu choyenera chinali Apply to an invoice. Akanakhala kuti analipira zonse, tikanasankha Give a refund, ndalamazo zituluke ku akaunti imene zatulukadi, ya banki, ya kabati kapena ya pafoni, iye asaine kuti walandira. Cholakwika chomwe ndimachipeza kawirikawiri ndi kirediti noti yosiyidwa yosalumikiza. Chizindikiro chake n'chakuti pa sitetimenti ya kasitomala invoisi ikuonekabe yonse ngati yosalipidwa, pansi pake pali nambala yochotsera ili payokha. Mwezi wotsatira wina amamuimbira foni kumulonjerera ndalama zolakwika, kapena amamubwezera kachiwiri.

Mbali ya sitoko ndi imene imafuna kudekha. Mukalemba kirediti noti posankha dzina la katunduyo, kompyuta imabwezera zidebe zonse zisanu m'sitoko, pa mtengo wogulira, osati wogulitsira: zisanu pa K45,000 ndi K225,000. Pa zitatu zosatsegula zija, za K135,000, zili bwino, zigulitsidwanso. Koma ziwiri zong'alukazo kompyuta siikuziona ming'alu, ikuziwerenga ngati zabwino. Mukazisiya choncho, tsiku lina mudzalonjeza munthu zidebe zomwe kulibe.

Pamenepa osunga mabuku timasiyana. Ena amalemba zowonongekazo pa kirediti noti ngati ndalama chabe, osasankha katundu, kuti sitoko isakwere. Chiwerengero cha pa shelefu chimakhaladi cholondola, ndipo ndi ntchito yochepa. Koma K90,000 ya zidebe ziwirizo imabisala m'kati mwa mtengo wa zogulitsidwa, ndipo mwini shopu sadzadziwa kuti chaka chino wataya zingati chifukwa cha katundu wong'aluka. Ine ndimalowetsa zisanu zonse, kenako tsiku lomwelo ndimachotsa ziwirizo m'sitoko kupita ku akaunti ya katundu wowonongeka, mwini shopu n'kusaina. Ndi zikalata ziwiri m'malo mwa chimodzi, koma munthu atha kulondola njira ya chidebe chilichonse. Ngati amene anatigulitsa penti avomera kuti zinachoka kwawo zili zong'aluka, ndiye sitizitaya: timazitulutsa ngati zobwezedwa kwa iwo, ndipo kirediti noti yawo imatsitsa ngongole yathu ndi VAT imene tinaitanitsa pa zidebezo.

Kirediti noti nayo ili ndi pofooka pake. Imatenga nthawi pamene pa kauntala pali mzere, ndipo ikhoza kulembedwa yabodza, katundu asanabwerere. N'chifukwa chake m'shopu ija wolemba kirediti noti si amene amalandira katundu kumbuyo. Wa kusitoko amayamba walemba kapepala kuti walandira zidebe zingati, zabwino zingati, zowonongeka zingati, ndipo kapepalako timakamata ku kirediti noti.

Pa 30 Epulo tinafufuza zinthu zitatu. Sitetimenti ya kontilakita inasonyeza K48,500, iye n'kuvomera pa foni. Pa shelefu penti inali itawonjezekera ndi zidebe zitatu, monga mmene kompyuta inanenera. VAT ya Epulo inatsika ndi K49,500, ya Marichi osaikhudza.