Axio ija patha pafupifupi chaka: VSC ndi ma eyabagi zinali zoyenera kukakamira

"Achimwene, Axio munagula ija ikuyenda bwanji mpaka pano? Ine ndalama ndi zochepa, ndapeza Vitz ya 2010 yooneka bwino zedi, ndingotenga kapena ndidikire kaye?"

Ikuyenda bwino achimwene, nyengo ya mvula yadutsa nayo, ya chiperoni yadutsanso, ndipo ulendo wanga ndi womwe uja wa Mulanje, Luchenza, Thyolo, Bvumbwe mpaka Limbe. Mafuta siikumwa moopsa, ma shoko akumbuyo ayamba kutopa koma zimenezo ndi za galimoto iliyonse yakale. Chomwe ndikufuna tikambe ndi chija munkandiseka nacho, kuti ndasiya galimoto yowala ya ma rimu abwino nkutenga Axio ya 2013 yopalika bampala chifukwa choti ili ndi VSC basi.

VSC ndi dzina la a Toyota la chipangizo chothandiza kuti galimoto isaterereke pokhota. A Honda amati VSA, a Nissan VDC, a Mazda DSC, koma ntchito ndi imodzi. Pa tayala lililonse pali sensa yowerenga liwiro, ina imaona mmene mwakhotetsera chiwongolero, ina imamva mmene galimoto ikuzungulira yokha. Kompyuta ikaona kuti komwe mukuwongolera ndi komwe galimoto ikulowera sizikugwirizana, imagwira buleki tayala limodzi lokha nkuchepetsanso mphamvu ya injini. Inu ndi phazi lanu simungagwire tayala limodzi, olo mutakhala dalaivala wa zaka 30 pamsewu. ABS ndi ina, iyo imangoletsa matayala kuuma mukaponda buleki mwamphamvu kuti muzithabe kukhota, ndiye wogulitsa akakuuzani kuti "ili ndi ABS bwana" musaganize kuti wayankha funso la VSC.

Yanga ndinaiona ikugwira ntchito mu Julaye, mmawa wa chiperoni, ndikutsika ma kona aja pakati pa Thyolo boma ndi Luchenza. Tala atanyowa, komanso pali matope ofiira aja amasiyidwa ndi mathirakitala potuluka mminda ya tiyi. Wakabaza yemwe anali mphepete kumanzere anangolowa pakati kuzemba dzenje, ine nkukhotera kumanja mwachangu, kenako kubwerera kumanzere poti kutsogolo kumabwera lole. Pobwerera pamenepo mpomwe kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuthawira kumanja, mphuno ikulunjika ku ngalande. Ndinangomva kugwedeza kwa gr-gr-gr kutsogolo, kanyale kachikasu ka galimoto yokhala ndi mizere yokhotakhota pansi kakuphethira, injini yafooka pang'ono, galimoto yawongoka. Pamenepo imakhala yagwira tayala lakutsogolo lakumanja, lakunja kwa kona, kuti mphuno isiye kuzungulira. Zonsezi zinatha ndisanamalize nkomwe kunena kuti mayo.

Nde pa Vitz yanuyo. Ku Japan lamulo loti galimoto zikhale ndi chipangizochi linayamba mu Okutobala 2012 pa mitundu yatsopano, ndipo mu Okutobala 2014 linafika pa mitundu yomwe inali kale pamsika. Timagalimoto ting'onoting'ono ta 660cc ngati Mira tinapatsidwa nthawi yotalikirapo, mpaka 2018. Tanthauzo lake nkuti ya 2010 itha kukhala nayo kapena ayi, kutengera giredi ndi zomwe mwini woyamba anasankha, ndipo zotchipa zambiri za zaka zimenezo zilibe. Chaka pa pepala chisakukwanireni, muione nokha.

Kuona kwake nkosavuta. Tembenuzani kiyi afike pa ON osaliza injini (ngati ili ya batani, dinani kawiri osaponda buleki) maso ali pa dashibodi. Payenera kuyaka nyale ya ABS, kagalimoto ka mizere yokhota kaja, ndi nyale yofiira ya eyabagi, ya munthu atakhala ndi chibaluni kutsogolo kwake. Dikirani osaliza. Ya eyabagi imazima yokha pakatha masekondi ngati 6, ya ABS ndi ya VSC nazonso zimazima zokha, pomwe ya batire imatsala mpaka injini italira. Nyale yomwe sinayake nkomwe ndiye yoopsa kuposa yomwe yakana kuzima, chifukwa mwina chinthucho mulibe, mwina wina anaimata kapena kuichotsa. Ndipo ikamadikira injini kuti izimire limodzi ndi ya batire kapena ya oyilo, dziwani kuti pali analumikiza mawaya mwachinyengo, musachedwe nayo galimoto imeneyo.

Pa ma eyabagi, awiri akutsogolo pafupifupi zonse zochokera ku Japan zili nawo, funso ndi loti akadalimo? Galimoto yomwe inachita ngozi kuno nkuwongoledwa, ena amangomata chivundikiro mkati muli mbee. Yang'anani pakati pa chiwongolero ndi pa dashibodi mbali ya pasenjala ngati pulasitiki wake akusiyana mtundu ndi malo ena kapena pali guluu mphepete. Kokani malamba onse mwadzidzidzi agwire, nkuwasiya abwerere okha. Yanga ili ndi amm'mbali omwe, pa mpando palembedwa SRS AIRBAG ndipo mmwamba mwa zipilala za zitseko palinso chizindikiro cha eyabagi ya katani. Amenewa mukawapeza ndi mwayi, koma ndalama zikavuta ine ndingasankhe VSC kaye, poti iyo imathandiza kuti ngoziyo isachitike nkomwe. China, tengani nambala ya chasisi muifufuze pa tsamba la kampani yopanga galimotoyo ngati inaitanidwa pa nkhani ya ma eyabagi opangidwa ndi kampani ya Takata. Mankhwala ophulitsira ake amaonongeka ndi kutentha ndi chinyontho mpaka kumamwaza zitsulo akaphulika, ndipo chinyontho kuno kuphiri sitichita kupempha.

Vuto lomwe ndakumana nalo ndi limodzi. Beringi yakutsogolo kumanzere inayamba kulira huuu, nkukasinthitsa pa galaja ina, potuluka pa geti nyale ya ABS ndi ya VSC zonse ngwee osazima. Makaniko akuti "yendani bwana, buleki ikugwira, ndi nyale chabe". Buleki wamba imagwiradi, koma nyale zimenezo zikayaka ndiye kuti ABS ndi VSC zonse zagona. Nkhani yake ndi yoti beringi za galimoto zimenezi zili ndi mkombero wa maginito mbali imodzi yokha, ndipo sensa imawerenga pamenepo. Iwo anaipanikiza chotembenuza. Kuichotsa imaonongeka, nde panafunika beringi ina, nyale nkuzima titangoyenda pang'ono. Mukamasinthitsa muziimirira pompo, mbali ya maginito imakoka kachitsulo kopepuka ngati kopanira mapepala, ndipo mbali imeneyo iyang'ane mkati komwe kuli sensa. Nthawi zina nyale zomwezi zimayaka chifukwa cha waya wa sensa woduka ndi miyala ya misewu yafumbi, kompyuta yabwino imanena tayala lake, koma timakina totchipa tolumikiza ku foni tambiri timangowerenga injini yokha.

Komanso VSC imagwira ntchito ndi matayala omwe mwaipatsa. Pa matayala osalala a kaunjika palibe chomwe ingachite. Mizere isatsike kufika pa 1.6mm, ine mvula ikamayandikira ndimasintha isanafike nkomwe pamenepo, ndipo pambali pa tayala pali manambala anayi a nthawi yomwe linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Saizi ikhale imodzi onse anayi. M'matope akuya okha, monga njira za kumudzi mu Febuluwale, mpomwe ndimadina batani lozimitsa TRC, yomwe imaletsa matayala kuzungulira pachabe poterera, kuti azungulire nditulukemo, ndikakwera pa tala ndimayatsanso.

Vitz ija kaiyeseni kiyi pa ON. Kagalimoto ka mizere kakapanda kuyaka, onjezerani miyezi ingapo muzisunga, mupeze ya 2015 kapena kuposera apo olo ikhale ya mtundu womwe simuukonda.