Foni ikamachedwa kudzaza pa sola: chingwe, panelo yaikulu kapena batire?

Foni ikakhala pa sola kuyambira m'mawa mpaka masana koma moto osafika ndi theka lomwe, ambiri amathamangira kugula panelo yaikulu, chonsecho pa njira zitatu zimene zilipo, imeneyi ndi imene imakhumudwitsa kawirikawiri.

Tiyerekeze ndi foni ya batire ya 5000mAh, imene imafuna pafupifupi 19Wh, kutanthauza mawati 19 kwa ola lathunthu, kuti idzaze, ndi panelo yolembedwa 10W. Nambala ya 10W imeneyi imayezedwa pa dzuwa lamphamvu panelo ili yozizira, koma ikatentha padenga la malata, zofika ku foni zimakhala mawati 6 kapena 7 masana, ndipo foniyo imafuna maola atatu kapena anayi a dzuwa losadukiza.

Chingwe ndicho chotsika mtengo, ndipo ndi poyenera kuyambira. Waya wopyapyala wa m'zingwe zotchipa, ngati chingwecho ndi cha mita imodzi, amatha kudya pafupifupi 0.8V pamene mukudutsa 2A, kotero kuti pa 5V zotuluka ku panelo, foni imalandira 4.2V zokha. Ikaona choncho imachepetsa yokha moto umene ikukoka, ngakhale chizindikiro chikusonyezabe kuti ikutchaja. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani chingwe chachifupi, chokhuthala, pa nthawi yomweyo ya tsiku, muone ngati maperesenti akukwera mofulumirapo. Koma chingwe chabwino chimangoletsa moto kutayika, sichiwonjezera kanthu.

Panelo yaikulu imathandiza m'mawa, madzulo ndi kukachita mitambo, koma ili ndi malire amene ogulitsa satchula. Ngati pa bowo lake la USB palembedwa 5V 2A, simudzapeza zoposa mawati 10, ngakhale paneloyo ikhale ya 30W. Komanso mtambo ukangodutsa, mafoni ena amatsitsa moto umene akukoka ndipo sabwereranso mwakale mpaka mutazula chingwe n'kuchibwezeretsa.

Ine ndimasankha kuika batire pakati. Panelo idzaze pawabanki masana, foni idzatchajidwe madzulo pa moto wokhazikika. Gawo lina la moto limatayika posamutsa kawiri chonchi, komabe foni simaphikanso padzuwa, ndipo kutentha ndi chifukwa china chimene chimaichititsa kutchaja pang'onopang'ono. Pawabanki nayonso ikhale pamthunzi.

Pa laputopu mpikisanowu palibe. Tchaja yake nthawi zambiri imalembedwa 19V kapena 20V, ndi 45W mpaka 65W, zimene bowo la 5V silingapereke. Pamafunika panelo ya 100W kapena kuyandikira pamenepo, kontirola yoyang'anira moto wochoka ku panelo kupita mu batire, batire ya 12V, ndi tchaja yolumikiza mwachindunji ku batireyo imene mavoti ndi mawati ake akufanana ndi olembedwa pa tchaja yakale. Invata, imene imasintha moto wa batire kukhala ngati magetsi a m'nyumba, imagwiranso ntchito, koma imadya moto wake ngakhale laputopu itadzaza kale.