Golide wa XAUUSD: kutseka Lachisanu kapena kugona naye mpaka Lolemba?

XAUUSD ndi mtengo wa golide m'madola a ku Amereka. Msika wa golide wa COMEX umatseka Lachisanu 5 koloko madzulo ku New York, n'kutsegulanso Lamlungu 6 koloko madzulo. Potsegulapo, kwathu kuno imakhala 12 koloko usiku, kapena 1 koloko kuyambira Novembala mpaka Malichi Amereka akabweza mawotchi. Pa maola 49 amenewa dziko siligona. Pa 7 Okutobala 2023, Loweruka, Hamas idaukira Israel, ndipo golide adatsegula ali pamwamba pa mtengo wa Lachisanu.

Wogona ndi golide amadalira stop loss, lamulo loti amugulitsire mtengo ukatsika kufika pamene waika, koma iyo siigwira pamtengo umene sudagulitsidwepo. Tinene kuti mwagula maaunsi 100 pa madola 2,400, stop loss ili pa 2,390. Msika ukatsegulira pa 2,370, amakutulutsirani pomwepo: mwaluza madola 3,000 m'malo mwa 1,000. Komanso nthawi imeneyo London ali mtulo, ku New York ndi Lamlungu madzulo, Tokyo ndi Shanghai sanatsegule. Ogula ndi ogulitsa amakhala ochepa, choncho mitengo yawo imatalikirana ndipo nkhani yaing'ono imakankha mtengo kutali. Inde, kudumphako kukhoza kukukomerani, koma amenewo ndi maere chabe.

Wotseka malonda ake Lachisanu amalipira kuti alowenso, ndipo mtengo ukadumphira kumwamba phindulo limamudutsa. Chomwe wapeza n'chakuti amasankha yekha potulukira, masana athu, London ndi New York akugulitsa limodzi.

Kwa wochita malonda ndi ndalama zobwereka kwa bulokala, ine ndingati atseke. Wogula golide ndi ndalama zake kuti asunge zaka alibe chifukwa chothamangira.