Diski ya SSD ya kaunjika patatha miyezi 19: inayamba kuchedwa, kenako inakana kulembedwa

Ndinalemba za diski iyi nditangoigwiritsa ntchito milungu itatu, ndipo ndinaiyamikira. Inali SSD ya mtundu wa NVMe ya magigabayiti 256, yochotsedwa mu laputopu ina, ndipo ndinaigula pa theka la mtengo wa yatsopano. Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Zomba. Tsopano papita miyezi 19, diskiyo ili m'kabati, imawerengeka koma silola kuti mulembedwe kanthu. Ndabweranso kuti ndifotokoze mmene inafikira pamenepa, makamaka za kuchedwa kwake, chifukwa inachedwa kawiri pa zifukwa ziwiri zosiyana ndipo ine ndinaziyesa chimodzi.

Tsiku logula ndinaona thanzi lake ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Opanga ake analonjeza kuti ingapirire kulembedwa materabayiti 150, chomwe pa bokosi amalemba kuti TBW. Mwini wake woyamba anali atalembamo kale 88, ndipo Percentage Used, nambala yosonyeza magawo a moyo wa diski omwe atha pa 100, inali pa 61. Ndinawerengera kuti atsala materabayiti 62, ndinati amenewa andifikitsa zaka zitatu. Masamu anga analakwika pawiri. Choyamba, ndinaiwala kuti si mavidiyo omalizidwa okha amene amalembedwa. Pulogalamu yokonzera vidiyo imapanga timafayilo take tapakanthawi, ndipo laputopu yanga ili ndi RAM ya magigabayiti 8 okha, choncho ikadzaza Windows amataya zotsalazo pa diski. Zonse pamodzi zinkakwana pafupifupi magigabayiti 100 pa tsiku. Chachiwiri ndichifotokoza pansipa.

Miyezi isanu ndi itatu yoyamba panalibe chodandaula. Ndikamakopera mafayilo akuluakulu, magigabayiti 30 oyamba ankalowa mothamanga kwambiri, kenako liwiro linkatsika kufika mamegabayiti 300 pa sekondi. Izi si matenda. Maselo, timalo ting'onoting'ono tosungira uthenga m'diski ngati iyi, amasunga mabiti atatu lililonse, ndipo kulemba choncho kumatenga nthawi. Ndiye diski imabwereka malo opanda kanthu n'kumalembamo biti imodzi pa selo, zomwe zimafulumira, kenako ikapuma imazisamutsa n'kuzipanikiza bwino. Malo obwerekawo akatha, mumaona liwiro lake lenileni.

Kuchedwa koyamba kunabwera mu Okutobala, maukwati ali pachimake. Ndinali ndi ntchito zinayi nthawi imodzi ndipo diski inadzaza kupitirira magawo 90 pa 100. Liwiro lija linkatha nditangokopera magigabayiti atatu, n'kugwa mpaka mamegabayiti 80 pa sekondi, ngati hadi diraivi yakale. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka SSD. Imalemba m'timasamba ting'onoting'ono ta makilobayiti ochepa, koma singafufute tsamba limodzi palokha. Imafufuta buloko yathunthu, ya masamba mazanamazana. Ikafuna malo, imasankha buloko yomwe ili ndi zinyalala zosakanikirana ndi zofunika, imakopera zofunikazo kwina, ndiye n'kufufuta. Zili ngati munthu wofuna kuzira m'nyumba yodzaza katundu: amayamba wasamutsa matumba kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo, ndipo nyumba ikadzaza kwambiri nthawi yambiri imathera pa kusamutsako.

Vuto limeneli linali ndi mankhwala. Ndinasamutsa ntchito ziwiri kupita pa hadi diraivi yakunja, ndinatsegula Optimize Drives ya Windows kuti itumize TRIM, lamulo louza diski masamba omwe salinso ndi ntchito, ndipo ndinaisiya yoyaka usiku wonse. M'mawa inali itabwerera mwakale. Koma sindinaphunzirepo mokwanira. Ntchito zikachuluka ndinkaidzazanso, ikachedwa ndinkachotsa zina, ndipo zinkayenda.

Apa ndi pamene masamu anga analakwika kachiwiri. Kusamutsa kwamkati kuja nakonso ndi kulemba, ndipo kumadya maselo chimodzimodzi, ngakhale sikuoneka pa nambala ya zomwe kompyuta yatumiza. Selo iliyonse ili ndi malire a kulembedwa ndi kufufutidwa. Pa maselo a mabiti atatu amakhala pakati pa maulendo 1,000 ndi 3,000. Taonani zomwe zinachitika: materabayiti 88 a mwini woyamba anadya magawo 61 a moyo wa diski. Anga 57 okha anadya magawo 60. Kusiyanako kunabwera chifukwa choisunga yodzaza.

Kuchedwa kwachiwiri kunayamba m'mwezi wa 15, ndipo kunali kwa mtundu wina. Kulemba kunali bwinobwino. Chomwe chinkavuta ndi kuwerenga, makamaka mafayilo omwe akhalitsa. Vidiyo yomwe ndaikopera dzulo inkatseguka msanga, koma nyimbo ndi zithunzi za pachiyambi pa vidiyo zomwe ndinaziika chaka chatha zinkakoka miyendo, nthawi zina mamegabayiti 20 pa sekondi. Kompyuta inkauma masekondi khumi kapena makumi awiri, mu Task Manager diski ili pa 100% koma palibe chikuyenda, kenako n'kudzidzimuka. Ndinachita zomwe ndinazolowera, kuchotsa mafayilo ndi kutumiza TRIM. Sizinasinthe kanthu.

Selo imasunga uthenga ngati mphamvu yochepa ya magetsi yotsekeredwa mkati. Ikalembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri, chotsekeracho chimaperepeseka ndipo mphamvuyo imadontha pang'onopang'ono, makamaka kukatentha. Fayilo ikakhalitsa, imakhala yadontha kwambiri. Diski ikawerenga n'kupeza zolakwika zambiri, imabwerezanso ndi muyeso wina wa magetsi, n'kubwerezanso, mpaka masamu ake okonzera zolakwika akwanitse. Kuuma kuja kunali kubwerezabwereza kumeneku. Buloko ikafika povuta kwambiri, diski imaipumitsa n'kutenga ina pa nkhokwe ya mabuloko apadera omwe opanga anabisa.

Nkhokwe imeneyi ndi yomwe imaoneka ngati Available Spare, ndipo ndi nambala yomwe ndinayenera kumaiyang'ana. Ine maso anali pa Percentage Used. Itadutsa 100 m'mwezi wa 13 ndinada nkhawa, koma palibe chinachitika, ndipo ndinamasuka. Nambala imeneyo ndi chiyerekezo chabe cha opanga, imatha kupitirira 100 diski ili bwino. Available Spare imanena za mabuloko omwe afadi. Yanga inakhala pa 100 kwa chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. M'mwezi wa 15 inali 94, wa 17 inali 71, wa 18 inali 32. Sitsika mofanana mwezi ndi mwezi, chifukwa diski imagawa ntchito mofanana kwa maselo onse, choncho amakalambira limodzi ndipo amayamba kufa motsatizana. Nditaona 71 ndinayenera kugula ina sabata yomweyo. Ndinazengereza podikira malipiro a ntchito ina.

Tsiku lomwe inatseka, ndinali pakati potulutsa vidiyo ya ukwati wa ku Domasi. Pulogalamu inakana kusunga, Windows anaonetsa sikirini ya buluu, ndipo nditayatsanso sanadzukenso. Windows amafuna kulemba pa diski akamadzuka, ndiye diski yokana kulembedwa imaoneka ngati yafa, pomwe zonse zili momwemo. Ndinadzutsa laputopu ndi Linux ya pa fulashi n'kulemba:

```
sudo smartctl -a /dev/nvme0
```

Mizere yofunika inali iyi:

```
Critical Warning:           0x09
Available Spare:            0%
Available Spare Threshold:  10%
Percentage Used:            121%
Data Units Written:         283,410,552 [145 TB]
```

Nambala 0x09 ndi machenjezo awiri ophatikizidwa: 1 kutanthauza kuti nkhokwe yatsika kupitirira malire, ndi 8 kutanthauza kuti diski yadziika pongowerengedwa. Yasowa buloko yabwino yosamutsirako zinthu, ndiye yasankha kusiya kulemba kuti iteteze zomwe ilinazo. Dziwani kuti inali isanafike pa materabayiti 150 olonjezedwa aja.

Anzanga ena anandiuza kuti ndiilumikize pa kompyuta ina ndi kuchotsa loko ndi diskpart, pulogalamu ya Windows yosamalira madiski. Ndinayesa pambuyo pake, nditapulumutsa kale zinthu, kuti ndingodziwa. Nditaisankha ndi `select disk` ndi nambala yake, lamulo la `attributes disk` linaonetsa Current Read-only State : Yes pomwe Read-only inali No. Ndiye kuti si Windows amene anaikhoma, ndi diski yeniyeniyo, ndipo `attributes disk clear readonly` sangaitsegule. Kuifomata nakonso kumakanika. Ndipo musayambe ndi chkdsk, lamulo la Windows lokonza zolakwika pa diski, kapena kuyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri, chifukwa palibe chotsimikiza kuti ulendo wotsatira idzaonekanso.

Chomwe ndinachita ndi kukopera kaye foda ya ukwati wa ku Domasi, chifukwa ndi yokhayo yomwe inalibe kope kwina. Kenako ndinakopera diski yonse kupita pa hadi diraivi yakunja:

```
sudo ddrescue -n /dev/nvme0n1 /mnt/kunja/diski.img /mnt/kunja/diski.map
```

Ubwino wa ddrescue ndi wakuti ikafika pamalo ovuta imadumpha n'kupitiriza, ndipo fayilo ya `.map` imakumbukira pomwe yafika. Izi zinandithandiza magetsi atathima pakati pa ntchito, batire n'kutha. Zinatenga maola pafupifupi asanu ndi awiri. Panatsala timalo tochepa tosawerengeka, tomwe tinaononga mafayilo awiri a nyimbo zakale, ndipo vidiyo ya ukwati inatuluka yathunthu. Amene diski yawo ili ndi BitLocker, loko ya Windows yobisa mafayilo, afunika kiyi yake ya manambala 48, apo ayi kopeyo satha kuitsegula. Komanso musaiike m'kabati kuti mudzakopera mukapeza nthawi. Muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya zipangizo zotere, umafuna kuti SSD ya anthu wamba yomwe yamaliza moyo wake isunge zinthu chaka chimodzi yosayatsidwa pa madigiri 30, ndipo yanga inali itapyola kale pamenepo, m'chipinda cha malata chomwe chimatentha kuposa apo.

Kodi ndikuiweruza bwanji? Pa imfa yake ndikuipatsa ulemu. Si SSD iliyonse imene imatseka mwa njira imeneyi. Zina zimangosowa, kompyuta osaiona n'komwe. Iyi inachenjeza kwa miyezi inayi ndipo inandisiyira katundu wanga. Koma sindingagulenso ya kaunjika yomwe yadyedwa kale magawo 61 kuti ndizikonzera mavidiyo, ndiponso magigabayiti 256 ndi ochepa pa ntchito imeneyi. Kwa munthu wolemba makalata ndi kuwerenga pa intaneti, yemwe mwina salemba magigabayiti 10 pa tsiku, diski yomweyi ikanakhala zaka zambiri.

Ndagula yatsopano ya terabayiti imodzi, ndawonjezera RAM kufika 16, ndipo sindilola kuti idzaze kupitirira magawo 75 pa 100. Yakaleyo ikadali ndi mavidiyo a anthu ndi manambala awo a foni, ndipo poti silembeka, sifufutikanso. Sindingaigulitse kapena kuitaya ili choncho. Ndikamaliza kutsimikiza kuti mafayilo onse a mu kope ija akutseguka, ndidzaphwanya tichipu take takuda tija ndi hamala, kamodzikamodzi.