QQWing patatha matemu awiri: za yankho limodzi ndayikhulupirira, koma za kuvuta ndimayesa ndekha

Kwa matemu awiri tsopano, masudoku onse amene ana a kalabu yathu ya masamu kuno ku Mangochi amachita amachokera mu QQWing, pulogalamu yaulere imene ndinaika pa laputopu. Siifuna netiweki ikakhala yalowa kale, ndipo lamulo limene ndimalemba kawirikawiri ndi ili:

```
qqwing --generate 10 --difficulty easy --solution --stats --readable
```

Pa nkhani yoti sudoku iliyonse ikhale ndi yankho limodzi lokha, pulogalamuyi sinandigwiritsepo fuwa lamoto. Mmene imagwirira ntchito ndi momveka. Imayamba yadzaza tizipinda tonse 81 ndi manambala osaphwanya malamulo, kenako imachotsa nambala imodziimodzi mosatsata ndondomeko. Ikachotsa nambala imawerenga mayankho amene angatuluke, ndipo ikangopeza lachiwiri imasiya kuwerenga n'kubwezera nambalayo pamalo pake. Ikatero ndi tizipinda tonse, zotsalazo ndiye sudoku yanu.

Njira imeneyi ili ndi zotsatira zake zimene munthu amazizindikira pokhapokha atayamba kusindikiza. Ngati simunapemphe kuti manambala ayalidwe mofanana mbali ziwiri, nambala iliyonse yotsala ndi yofunika, moti imodzi yokha ikasowa yankho limodzi lija latha. Izi zinatichitikira tsiku lina pamene makina a fotokope pa shopu ina pa boma anali atachepa inki, nambala imodzi n'kusaoneka pa mapepala onse. Atsikana awiri a Fomu 2 anamaliza ndi mayankho osiyana, ndipo onse anali olondola.

Chimene chinachitika ndi ichi. Pa yankho lenileni, mzere wogona woyamba unali ndi 3 mu mzere woima wachiwiri ndi 8 mu mzere woima wachisanu. Mzere wogona wachitatu unali ndi manambala omwewo motembenuza: 8 mu wachiwiri, 3 mu wachisanu. Tizipinda tinayi timeneti tili m'mabokosi awiri okha, loyamba ndi lachiwiri. Mukasinthanitsa 3 ndi 8 ponseponse, mzere uliwonse ndi bokosi lililonse zimakhalabe ndi 3 mmodzi ndi 8 mmodzi, palibe lamulo lophwanyidwa. Chinkaletsa kusinthako ndi 8 wa mu mzere woyamba amene anaperekedwa kale, ndipo ndi yemweyo amene inki inamudya. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mwana amamaliza pena ponse, n'kutsala ndi tizipinda tinayi toyang'anizana, tonse tolola manambala awiri omwewo, popanda chomuuza poyambira.

Choncho pepala likachoka ku fotokope ndimaliwerenga ndisanagawe, ndipo sudoku iliyonse imene yakoperedwa pa bolodi kapena kulembedwanso pamanja ndimaibwezera mu pulogalamu. Ndimalemba manambala onse mu mzere umodzi, kadontho pa malo opanda kanthu, n'kuyendetsa:

```
qqwing --solve --count-solutions < sudoku.txt
```

Ikanena `The solution to the puzzle is unique.` ndiye kuti zili bwino. Muwerengenso manambala operekedwa. Mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake anatsimikizira kuti sudoku ya manambala 16 singakhale ndi yankho limodzi, ochepetsetsa ndi 17. Koma kukhala ndi ambiri sikutsimikiza kanthu, chifukwa ngakhale yoperekedwa manambala 77 ikhoza kukhala ndi mayankho awiri ngati tizipinda tinayi totsalato tili ngati tija ndafotokoza.

Pamene maganizo anga asintha kwambiri m'miyezi imeneyi ndi pa magulu a kuvuta. Pulogalamuyi siyang'ana kuchuluka kwa manambala operekedwa, ndipo pamenepa ikuchita bwino, pakuti sudoku ya manambala 24 ikhoza kukhala yofewa kuposa ya 28. Imadzichitira yokha sudokuyo n'kuona njira yovuta kwambiri imene yagwiritsa ntchito. Ikatha ndi tizipinda tolola nambala imodzi yokha imalemba `Simple`. Ikafuna kupeza nambala imene ili ndi malo amodzi okha mu bokosi kapena mu mzere imalemba `Easy`. Njira za manambala awiriawiri ndi zija zoona pamene bokosi lakumana ndi mzere zimapereka `Intermediate`, ndipo njira zonsezi zikakanika n'kuyamba kulotera, imalemba `Expert`.

Ana anga sagwirizana ndi ndondomeko imeneyi pa magulu awiri oyambawo, ndipo ndili kumbali yawo. Tengani bokosi la pakati limene likusowa 7. Mwana amaona 7 mu mzere wogona wachinayi, wina mu wachisanu ndi chimodzi, ndiye watsala ndi mzere wachisanu wokha. Ngati kachipinda kamodzi kali kodzaza kale ndipo kena katsekedwa ndi 7 wa mu mzere woima, 7 wapeza malo ake. Maso okha akwanira, pensulo ikungolemba yankho. Koma njira imene pulogalamu imaiyesa yophweka koposa imafuna kuti mwana aime pa kachipinda kamodzi, asonkhanitse manambala a mu mzere wogona, mzere woima ndi bokosi, aone kuti alipo asanu ndi atatu osiyana, ndiye apeze wotsalayo. Kwa kompyuta imeneyi si ntchito, koma kwa mwana wa Fomu 1 masana a dzuwa la kuno ndi ntchito yolemetsa mutu. Pulogalamu ina yoyezera kuvuta, Sudoku Explainer, imaona monga anawa: nambala ya malo amodzi mu bokosi imaipatsa 1.2, pamene kachipinda kolola nambala imodzi imakapatsa 2.3.

Gulu la `Expert` nalo ndi thumba limene mwalowa zinthu zosiyana. Pulogalamuyi sidziwa njira zapamwamba monga `X-Wing`, ndiye sudoku iliyonse yopitirira zimene ikudziwa imagwera momwemo, kaya ikufuna nzeru imodzi yokha yowonjezera kapena ndi yoti ngakhale mphunzitsi agona nayo. Poyamba munthu angaganize kuti mzere wa `Number of Guesses` ungamuthandize kusiyanitsa, koma kulotera kwake n'kwa mwayi, moti sudoku imodzimodziyo ikhoza kuonetsa nambala ina mukaiyendetsanso. Sudoku ya gulu limeneli sindiipereka ndisanaichite ndekha ndi pensulo.

Chimene chatithandiza kwambiri ndi kuwerenga mizere ya `--stats` m'malo mwa dzina la gulu lokha. Masudoku awiri onse a `Intermediate` amasiyana kutali ngati ina yafuna njira ya manambala awiriawiri kamodzi kokha pamene inayo yaifuna kasanu, ndipo pulogalamu imawapatsa dzina limodzi. Ndimatulutsa khumi, n'kuwayala kuyambira amene ali ndi njira zovuta zochepa, kenako ndimagawa motsatana sabata ndi sabata.

Kwa ongoyamba kumene ndimatenga ya `Easy` n'kuwonjezerapo manambala asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu ochokera pa yankho, makamaka m'mabokosi amene ali pululu. Kuwonjezera nambala yolondola sikungabweretse yankho lachiwiri, chifukwa kumangochepetsa zotheka, ndipo kumateteza pang'ono ngati fotokope itadyanso nambala ina. Ndikatero ndimaiyendetsanso ndi `--solve --stats` kuti ndione ngati gulu lasintha, poti nthawi zina nambala imodzi yoikidwa pamalo oyenera imatsitsa sudoku ya `Intermediate` kufika pa `Easy`.