Kuwerenga mapasi kapena kuyeza mtengo wa pasi iliyonse?

Tikamatsutsana za timu ya mpira ya Chingale kuno ku Tete, ambiri amangowerenga mapasi amene afika. Kuwerengaku n'kosavuta, koma kumakweza wotchinga kumbuyo amene amangopatsirana ndi goloboyi.

Njira inayo, ya xT, chidule cha expected threat, imayeza mmene pasi yawonjezera mwayi wa chigoli: imagawa bwalo m'timabokosi, kalikonse ndi mwayi wake wobala chigoli. Tiyerekeze kuti pakati pa bwalo mwayi ndi 0.01, pakhomo pa bokosi ndi 0.08. Wopereka pasi yochoka pakati n'kufika pamenepo walemberedwa 0.07; akathamanga nawo yekha mpirawo, chimodzimodzi. Wobweza m'mbuyo amachotseredwa, ngakhale pamene kubwezako kwapulumutsa timu. Apa ndiye pofooka pake: xT imaona pamene pali mpira, siona otchinga amene azinga wosewerayo. Komabe ine ndimaikonda, kungoti imafuna munthu wolemba malo a pasi iliyonse, osangoloweza m'mutu.